Positi imodzi, mafoni anayi: zimene zimachitika musanaone “See translation”

Titenge positi yonga zimene timakumana nazo pafupifupi tsiku lililonse. Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe walemba pa Facebook kuti: “Kwagwa zovuta kuno kwathu. Agogo atisiya m'mawa uno. Mtengo wa bokosi wakwera, amene angathe atithandize. Tinyamuka pa 05/06 kupita kumudzi.”

Mlongo wake amene ali ku Joni aona mawuwa monga analembedwera, ndipo m'munsi mwake muli timawu ta “See translation”. Msuweni wake wa ku Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambiki, amene foni yake ili pa Chipwitikizi, aona “Ver tradução”. Mzungu wina amene anagwirapo naye ntchito, ndipo pano anabwerera kwawo ku Leeds, akhoza kupeza positi yonse ili kale m'Chingerezi asanadine kalikonse. Mwana wa mayiyu amene ali pasukulu ku Zomba saona batani lililonse, kwa iye ndi positi basi. Wolembayo sakudziwa n'komwe kuti mawu ake afika m'maonekedwe anayi, chifukwa pafoni yake akungoona zimene analemba.

Ambiri timaganiza kuti pali chinthu chimodzi chotchedwa kumasulira, chimene nthawi zina chimakhoza, nthawi zina n'kuphonya. Koma pali ntchito zitatu zotsatizana, ndipo iliyonse ili ndi kalakwidwe kake. Makina amayamba aganizira kuti positiyo ili m'chilankhulo chanji. Kenako amayerekezera yankho limenelo ndi maseting'i a munthu amene akuwerengayo. Kumasulira kwenikweniko kumabwera pomalizira. Mukadziwa kuti cholakwika chachitikira pa ntchito iti mwa zitatuzi, mumadziwanso ngati mungachikonze nokha kapena ayi.

Ntchito yoyambayo ndi yongoganizira, chifukwa mayi uja sanauze aliyense kuti akulemba Chichewa. Pali kapulogalamu kamene kanaonetsedwa ziganizo zambirimbiri za zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo kanaloweza timagulu ta zilembo timene timakonda kupezeka m'chilankhulo chilichonse. Kakaona “kwa”, “dz”, “ndi”, “amene” ndi “ng'” zikubwerezabwereza, kamanena kuti mwina ichi ndi Chichewa, ndipo kamaperekanso nambala yosonyeza kuti katsimikiza motani. Sikamva tanthauzo ngakhale pang'ono. Kali ngati munthu amene waima kuseri kwa mpanda n'kuzindikira kuti akulankhulawo ndi Atumbuka pongomva kamvekedwe, iye asakudziwa Chitumbuka.

Pa positi ya maliro ija kapulogalamuka kakhoza kulondola, chifukwa mawu ndi ochulukirapo ndipo ndi Chichewa chokhachokha. Vuto limabwera m'makomenti. Wina alemba “Pepani mami”, wina “RIP agogo, tikumana pa boma”, wina “Zosakhala bho”. Mawu awiri kapena atatu sakwanira kuti makina atsimikize kanthu. Komanso Chichewa chili ndi abale ake ofanana nacho nkhope: “nyumba”, “nyama” ndi “moto” ndi mawu a Chiswahili omwe, ndipo Chiswahili chili ndi zolembedwa zambiri pa intaneti kuposa Chichewa. Makina akakayika amapendekera ku chilankhulo chimene anachiona kwambiri. Onjezanipo chizolowezi chathu chosakaniza Chingerezi ndi Chichewa m'chiganizo chimodzi, pamene kapulogalamu kaja kawirikawiri kamafuna kupereka dzina limodzi pa positi yonse. Kakanena kuti ndi Chingerezi, mzungu wa ku Leeds sapatsidwa batani lomasulira ngakhale theka la mawuwo sakulimva. Kakanena kuti ndi Chiswahili, batani libwera, koma chotuluka chikhala chopanda mutu.

Kulakwa kwa mtundu umenewu n'kosavuta kukuzindikira. Zomasuliridwazo zimakhala zosagwirizana konse ndi nkhaniyo, kapena mawu ambiri amangobwerera momwe analili, awiri atatu okha ndiwo asinthidwa. Pa X amalemba ndithu chilankhulo chimene akuganiza kuti amasulira, ndiye mukaona “Translated from Swahili” pa mawu a Chichewa, musavutike kuwerenga zotsatirazo. Mukhozanso kudziyesera nokha: koperani komentiyo, iikeni mu Google Translate pali “Detect language”, muone dzina limene litatuluke, kenako musankhe Chichewa ndi dzanja lanu. Ngati kumasulira kwachiwiriku kwamveka bwino, ndiye kuti vuto linali pa kuganizira chilankhulo, osati pa kumasulira.

Ntchito yachiwiri ndi imene ili m'manja mwanu, ngakhale kuti ndi anthu ochepa amene anatsegulapo malo ake. Pa Facebook mumalowa ku “Settings & privacy”, kenako “Settings”, kenako “Language and region”. Mayina amasinthasintha malinga ndi foni komanso chaka, koma mafunso ake ndi omwewo. Loyamba ndi chilankhulo cha mabatani ndi mamenyu. Lachiwiri ndi chilankhulo chimene mukufuna kuti mapositi azimasuliridwamo. Ndiye pali mindandanda iwiri imene imasokoneza anthu chifukwa imaoneka ngati yofanana. Wina ndi wa zilankhulo zimene simukufuna n'komwe kupatsidwa batani lomasulira, kunena kwina zimene mumazidziwa. Winawo ndi wa zilankhulo zimene batani likhoza kukhalapo, koma makina asamasulire okha musanadine.

Apa ndi pamene anthu anayi aja asiyanirana. Mlongo wa ku Joni sanakhudzepo chilichonse, choncho akaunti yake imangodziwa kuti iye ndi wa Chingerezi, ndipo Chichewa cha kwawo chimatengedwa ngati chilankhulo chachilendo kwa iye. Mwana wa ku Zomba anaika Chichewa pamndandanda wa zilankhulo zimene amadziwa, batani n'kuzimiririka. Mzungu uja waona Chingerezi nthawi yomweyo chifukwa makina akadzidalira mokwanira amaonetsa zomasulira m'malo mwa mawu enieni, n'kusiya timawu ting'onoting'ono ta “See original” m'munsi. Khalidwe limeneli ine sindilikonda. Munthu wothamanga ndi chala saona timawuto, ndipo amatenga chiganizo cha makina ngati chotuluka m'kamwa mwa mnzake. Ngati mumalankhula Chichewa, chiikeni pamndandanda woyambawo pamene mwachipeza. Mukachisowa pa C, kayang'aneni pa N, poti makampani ambiri amachilemba kuti Nyanja, ndipo zilembo zake zapadziko lonse ndi `ny` kapena `nya`.

Tsopano kumasulira kwenikweniko. Kale makina ankadula chiganizo m'timagulu ta mawu, n'kuyang'ana pa tebulo lalikulu kuti kagulu kalikonse kamafanana ndi chiyani m'chilankhulo china, kenako n'kulumikiza zidutswazo. Google inayamba kusiya njira imeneyi mu 2016, ndipo Facebook inalengeza mu Ogasiti 2017 kuti yasamukira kwathunthu ku njira yatsopano, pa nthawi imene inkamasulira maulendo 4.5 biliyoni pa tsiku. M'njira yatsopanoyi makina amatenga chiganizo chonse n'kuchisandutsa manambala, kenako amalemba chiganizo cha chilankhulo chinacho kachidutswa kamodzikamodzi. Pa kachidutswa kalikonse amafunsa funso limodzi: potengera mawu oyambirira aja ndi zimene ndalemba kale, chimene chimakonda kubwera apa n'chiyani?

Ndanena kachidutswa, osati liwu, pa chifukwa chimene Chichewa chimachionetsa bwino. Liwu loti “sindinamuuzebe” lanyamula chiganizo chathunthu: kukana, wolankhula, nthawi, wouzidwa, ntchito, ndi kuti zinthu zikadali choncho. Palibe mndandanda umene ungasunge maonekedwe onse a mneni aliyense wa Chichewa. Choncho makina amadula mawu m'zidutswa, koma sadula monga mphunzitsi wa galamala angadulire. Amadula potsata zilembo zimene zinkapezeka limodzi kawirikawiri m'zolemba zimene anaphunzirapo. Makina a Meta, mwini wa Facebook, otchedwa NLLB-200, amene analengezedwa mu Julayi 2022 ndipo ali ndi Chinyanja, Chitumbuka ndi Chibemba mwa zilankhulo zake 200, ali ndi zidutswa pafupifupi 256,000 zoti zilankhulo zonsezo zigawane. Mukalemba mwachidule monga “ndkubwela” kapena “bwnj”, zidutswa zimene zituluke ndi zachilendo kwa makina, ndipo zotsatira zake zimagwedera. N'chimodzimodzinso kusiyana kwa “mavuto” ndi “mabvuto” a ku Chipata, ngakhale kuti kumeneko n'kochepa.

Makinawa amaphunzira pa ziganizo zimene anthu anamasulira kale, Chichewa mbali iyi, Chingerezi mbali inayo. Nanga Chichewa choterocho chimapezeka kuti chambiri? M'Baibulo, m'mabuku ndi m'magazini a mipingo, m'zikalata za boma ndi za mabungwe. Chichewa cha pa depoti ya minibasi ndi cha m'magulu a mpira mulibemo kwenikweni. N'chifukwa chake chiganizo chaulemu, cholembedwa mokwanira, chimamasuliridwa bwinoko kuposa nthabwala ya achinyamata, ndiponso n'chifukwa chake makina akasokonezeka nthawi zina amatulutsa mawu omveka ngati a pa guwa pamene positiyo inali ya mitengo ya feteleza. Google Translate inalandira Chichewa mu Disembala 2014 ndipo kuchokera apo zinthu zasintha ndithu, koma nkhokwe yophunzirirapo ikadali yaing'ono poyerekeza ndi ya Chifalansa kapena Chipwitikizi.

Tibwerere ku positi ya mayi uja, tione pamene pali mbuna. “Kwagwa zovuta” kwa ife ndi maliro, palibe wofunsa kawiri. Makina amene anaona liwu loti “zovuta” kambirimbiri likutanthauza mavuto wamba akhoza kulemba za mavuto chabe, imfa osaitchula. “Agogo atisiya” muli misampha itatu. Chichewa sichinena ngati agogowo ndi aamuna kapena aakazi, pamene Chingerezi chimakonda kusankha, ndiye makina asankha chimene chinkapezeka kwambiri m'zolemba zawo. Komanso “a-” waulemu amafanana ndi “a-” wa anthu ambiri, moti gogo mmodzi akhoza kusanduka agogo angapo, ndipo “atisiya” akhoza kumveka ngati anyamuka ulendo. “Mtengo” timausiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu polankhula, koma polemba mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi zilembo zomwezo. Pano “wakwera” athandiza makina kulondola, koma mayiyu akanangolemba kuti “vuto ndi mtengo wa bokosi”, pakanakhala mpata woti nkhani ikhale ya matabwa. Ndipo “bokosi” lenilenilo likhoza kutuluka ngati katoni wamba.

Choopsa pa zonsezi n'chakuti chiganizo chotulukacho chimakhala chosalala. Makina akale akalakwa ankatulutsa Chingerezi chothyokathyoka, ndipo aliyense ankaona kuti apa pali vuto. Atsopanowa anaphunzitsidwa kulemba zomveka bwino, ndiye ngakhale asanamve kanthu amalembabe molimba mtima. Mzungu wa ku Leeds akhoza kuwerenga kuti agogo achoka m'mawa ndipo mitengo ya zinthu yakwera, n'kuikapo chala chosonyeza kukondwa. Kwa msuweni wa ku Ulongwe msewu ndi wautali kuposa apa. Ziganizo zomasuliridwa mwachindunji pakati pa Chichewa ndi Chipwitikizi n'zochepa kwambiri, choncho makina ambiri amadzera ku Chingerezi, ndipo chimene chatayika pa mlatho woyamba sichibwereranso pa wachiwiri. Mwayi wake ngwakuti iye Chinyanja amachimva, batanilo sakulifuna.

Zoterezi zinapwetekapo munthu. Mu Okutobala 2017 bambo wina wa ku Palestina, wogwira ntchito ya zomangamanga ku Beitar Illit pafupi ndi Yerusalemu, anaika chithunzi chake atatsamira chigalimoto chokumbira, n'kulembapo moni wa m'mawa m'Chiarabu cha kwawo. Makina a Facebook anamasulira moniwo m'Chiheberi ngati mawu olamula kuti anthu aukiridwe. Apolisi a Israeli anamugwira n'kumufunsa mafunso kwa maola angapo asanamutulutse, ndipo panalibe wapolisi wodziwa Chiarabu amene anawerenga positiyo asanamugwire. Facebook inapepesa. Mu Januwale 2020 inapepesanso pamene dzina la mtsogoleri wa China, Xi Jinping, linamasuliridwa kuchoka m'Chibama kukhala mawu otukwana m'Chingerezi, iye ali pa ulendo ku Myanmar. Kampaniyo inafotokoza kuti dzinalo munalibe m'nkhokwe yake ya Chibama, ndiye makina analoza liwu lofanana nalo zilembo. Mayina athu ali pa ngozi yomweyi, poti ambiri ndi mawu wamba: Mavuto, Chisoni, Mphatso, Limbani. “Mavuto wafika” ndi uthenga wabwino kwa amene amamudikira pa depoti.

Dera ndi nkhani ina, ndipo anthu amalisokoneza ndi chilankhulo chifukwa ziwirizi zimakhala pa menyu imodzi. Chilankhulo chimayankha funso loti mumamva chiyani, dera limayankha loti muli kuti. Pafoni ziwirizi zimalembedwa pamodzi, monga `en-GB`, `en-US`, `pt-MZ` kapena `ny-MW`, zilembo zoyamba za chilankhulo, zachiwiri za dziko. Mukatsegula tsamba, pulogalamu yotsegulira masamba imatumiza mzere wonga uwu inu osauona:

```
Accept-Language: en-GB,en;q=0.9,ny;q=0.8
```

Mzerewu ukuuza tsambalo kuti choyamba ndikufuna Chingerezi cha ku Britain, chikasowa Chingerezi chilichonse, chikasowanso Chichewa. Nambala ya `q` ikusonyeza kutsatana kwake. Tsamba limene lili ndi nkhani imodzimodziyo m'zilankhulo zingapo likhoza kusankha potengera mzerewu, moti munthu amene Chichewa anachiika pansi, kapena sanachiikepo, azingolandira Chingerezi ngakhale Chichewa chilipo. Mu Chrome mndandanda umenewu uli pa “Languages” m'maseting'i, ndipo mukhoza kukweza chilankhulo chimodzi pamwamba pa chinzake.

Koma kumene muli makampani sadalira mawu anu okha. Amayang'ana adiresi ya IP imene netiweki yakupatsani, amayang'ana GPS ngati munailola, ndipo mapulogalamu ena amawerenga nambala ya dziko imene ili mu simukhadi: ya Malawi ndi 650, ya Zambia 645, ya Mozambiki 643, ya South Africa 655. Zizindikirozi sizigwirizana nthawi zonse. Mlongo wa ku Joni akabwera ku maliro ndi simukhadi yake ya kumeneko, intaneti yake kawirikawiri imazungulira kudzera ku kampani ya ku South Africa, choncho atakhala pa mkeka ku Dedza masamba ena amamuonabe ngati ali ku Joni. Wogwiritsa ntchito VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu kudzera kumalo ena, amasintha adiresi ya IP yokha, simukhadi ndi GPS zimanenabe zoona. Ndipo kuyambira mu Okutobala 2017 kulemba google.mw kapena google.co.za sikusinthanso zotsatira za kusaka. Google imatsata kumene ikukuonani, pokhapokha mutasintha dera m'maseting'i a kusakako.

Chimene dera limasintha ndi zinthu zimene zimabwera pamaso panu musanazifune. Pa YouTube “Language” ndi “Location” ndi mabatani awiri osiyana: loyamba limasintha mawu a pa menyu komanso mitu ya mavidiyo imene ili ndi zomasulira, lachiwiri limakhudza mavidiyo amene akuonetsani ngati otchuka kwanuko. Pa X nkhani zimene zili m'kamwam'kamwa zimatsata dera. Otsatsa malonda amasankha anthu potengera dziko, mzinda ndi chilankhulo, ndiye mlongo uja amaona zotsatsa za makampani otumiza ndalama kumudzi zimene mayi wa ku Area 25 saziona. Palinso zinthu zimene zimabisidwa m'dziko limodzi lokha, chifukwa cha malamulo a kumeneko kapena chifukwa cha umwini wa nyimbo ndi masewero a mpira. Zimenezi sizitsata zimene munasankha pa menyu, zimatsata kumene netiweki ikunena kuti muli. Kusintha “Location” kukhala Britain sikutsegula vidiyo imene inatsekedwa ku Malawi.

Chilankhulo nachonso chimalowerera pa zimene mumaonetsedwa, osati pa kumasulira pokha. Makina osanja mapositi amafuna kukupatsani zimene mungawerenge mpaka kumapeto, ndipo chilankhulo ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene amagwiritsa ntchito, pamodzi ndi zimene mumadina ndi zimene mumaimapo nthawi yaitali. Positi ya Chichewa imene yapatsidwa dzina la chilankhulo cholakwika pa ntchito yoyamba ija ikhoza kuvutika kupeza anthu ake kunja kwa anzanu enieni. Kwa wogulitsa zovala kapena mbewu pa intaneti, pamenepa ndi poyenera kuganizirapo: chiganizo chimodzi kapena ziwiri zokwanira, za chilankhulo chimodzi, zimathandiza makina kuposa mulu wa zidule ndi tizithunzi.

Pa WhatsApp zinthu zimayenda mosiyana. Mauthenga a kumeneko ndi otsekedwa moti kampani siingawawerenge ali m'njira, choncho kumasulira kumene inayambitsa mu Seputembala 2025 kumachitikira mufoni momwemo, mutatsitsa kaye chilankhulo chimene mukufuna. Pa Android inayamba ndi zilankhulo 6: Chingerezi, Chisipanishi, Chihindi, Chipwitikizi, Chirasha ndi Chiarabu. Chichewa panalibe.

Chatsala ndi deti lija, 05/06. Seting'i ya dera imasintha kalembedwe ka madeti, nthawi ndi manambala, koma okhawo amene pulogalamu ikulemba yokha, monga tsiku limene positi inaikidwa. Foni ya `en-US` imayamba ndi mwezi, ya `en-GB` imayamba ndi tsiku, ndipo ya Chipwitikizi imaika mpatuliro pamene ife timaika kadontho pa manambala. Zimene munthu walemba ndi zala zake sizikhudzidwa, ndipo makina omasulira kawirikawiri amangokopera manambalawo momwe alili. Mayi wa ku Area 25 akunena 5 Juni, ndipo mzungu wa ku Leeds awerenganso choncho poti ku Britain amayamba ndi tsiku ngati ife. Mdzukulu wobadwira ku Amerika, amene akuwerenga zomasulira za Chingerezi zopanda chilema, aona Meyi 6, n'kuganiza kuti ulendo wa kumudziwo unachitika mwezi watha.